Imelo yothokoza mukachoka ku intaviyu: musabwereze zomwe anamva kale

Imelo zothokoza zambiri zimafanana ngati zinalembedwa ndi munthu mmodzi. Zimati zikomo chifukwa chondiitana, ndinasangalala kukumana nanu, monga ndinanenera ndili ndi dipuloma ndiponso ndagwira ntchito zaka zitatu, ndikudikira yankho lanu. Palibe cholakwika m'mawu amenewa, kungoti amene akuwawerengayo anali m'chipinda momwemo. Za dipuloma anamva ndi makutu ake, ndipo mapepala anu ali patebulo pake. Akawerenga amangogwedeza mutu, n'kupita ku imelo yotsatira.

Njira yoyesera imelo yanu ndi yosavuta. Chotsanimo mawu onse othokoza ndi onse obwereza zimene zinakambidwa, kenako onani chomwe chatsala. Ngati palibe chatsala, simunayambe kulemba. Payenera kutsala chinthu chimodzi chimene wolandirayo analibe pamene mumasiyana, ndipo malangizo onse ali m'munsimu ndi a mmene mungachipezere ndi kuchipereka.

Yambani ndi cholembera musanafike kunyumba

Imelo yabwino imachokera m'manotsi, ndipo manotsiwo alembedwe mkati mwa mphindi makumi atatu mutatuluka, kaya muli pabenchi panja pa ofesi kapena mwakhala kale m'minibasi. Mukadikira mpaka madzulo mudzakumbukira mmene mtima umagundira, koma mawu enieni amene bwana uja ananena adzakhala atathawa.

Lembani zinthu zinayi. Choyamba, mayina ndi maudindo a onse amene anali kutsogolo kwanu, ndi funso limene aliyense anafunsa. Chachiwiri, funso limene munayankha mwachibwibwi kapena mwapamwamba chabe. Chachitatu, ndipo ichi ndiye chofunika kwambiri, vuto lililonse limene iwo eni anatchula: dandaulo, chinthu chomwe anachibwereza kawiri, pamene wina anapumira m'mwamba kapena kuyang'ana mnzake. Chachinayi, tsiku limene anati mudzamva zotsatira.

Ngati simukudziwa kalembedwe ka dzina la munthu, funsani kwa sekilitale kapena kwa olandira alendo musanatuluke pageti. Kulakwitsa dzina pamzere woyamba kumaononga zonse zotsatira.

Sankhani chinthu chimodzi

M'manotsi anuwo muli zinthu zingapo zomwe zingalowe mu imelo. Mutha kumaliza yankho lomwe munalisiya panjira. Mutha kutumiza umboni wa chinthu chomwe munangochinena pakamwa, monga chitsanzo cha lipoti lomwe mumadziwa kulemba. Mutha kukonza nambala kapena tsiku lomwe munalakwitsa. Kapena mutha kupereka ganizo laling'ono pa vuto lomwe iwo anadandaula nalo.

Tengani chimodzi chokha. Mukaika zitatu, wowerenga sadziwa choyankha, ndipo imelo imasanduka intaviyu yachiwiri yomwe sanakuitanireni. Posankha, vuto lawo likhale patsogolo pa chibwibwi chanu. Anthu ambiri amafuna kubwerera pamene anapunthwa chifukwa mpamene pakuwawawa, koma ofunsa mwina sanapaone n'komwe, ndiye kuwakumbutsa n'kudzitchera msampha. Bwererani pa funso lomwe munalephera pokhapokha ngati lili pamtima pa ntchitoyo. Chosangalatsa n'chakuti nthawi zambiri funso lotero ndi vuto lawo zimakhala chinthu chimodzi, chifukwa bwana amafunsa za chimene chikumusowetsa tulo.

Chitsanzo: ntchito ya kalaliki wa katundu

Tiyerekeze kuti mwachita intaviyu ya ukalaliki wa katundu pa kampani yogulitsa zipangizo za ulimi. Panali anthu atatu: mayi wa ku ofesi yolemba anthu ntchito, wowerengera ndalama, ndi bambo woyang'anira nyumba yosungiramo katundu. Bamboyu anafunsa kuti: "Mwezi watha m'buku munali matumba a feteleza 1,200, koma titawerenga tinapeza 1,186. Inu mukadatani?" Inu munayankha kuti mukadawerenganso, ndipo kuti ndinu munthu wosamala ndi wokhulupirika. Bamboyo analemba kanthu papepala, osafunsanso china.

Yankho limenelo silinali labodza, koma aliyense amene analowa m'chipindamo tsikulo ayenera kuti ananena zofanana. Matumba 14 a makilogalamu 50 ndi makilogalamu 700 a feteleza, ndipo bamboyu ndi amene amafunsidwa za iwo mwezi ukatha. Sakufuna kumva kuti ndinu wokhulupirika. Akufuna kuona ngati mukudziwa malo omwe matumba amasowera.

Munthu wodziwa ntchitoyi akudziwa kuti kusiyana kotere sikuyamba ndi kuba nthawi zonse. Thumba limang'ambika potsitsa m'lole, feteleza amasesedwa n'kuthiridwa m'thumba lina losadzaza, ndipo palibe amalemba. Katundu amatuluka pakhomo mothamanga nyengo yodzala ikafika, pepala lake n'kudzalembedwa mawa kapena osalembedwa. Kasitomala amabweza matumba awiri, n'kuikidwa pakona osalowa m'buku. Ndipo ngati kuwerenga kumachitika kamodzi pamwezi, cholakwika cha pa 3 chimadziwika pa 30, aliyense ataiwala kale lole yomwe inabwera tsikulo. Apa ndiye pali chinthu chanu chimodzi: kuwerenga katundu wothamanga sabata iliyonse, ndi kulemba padera matumba ong'ambika. Paja amati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, koma kalumoko muonetse nsonga yokha. Simukuwaphunzitsa ntchito yawo.

Mbali za imelo

Mutu wa imelo, pamzere wolembedwa `Subject`, unene ntchito ndi tsiku, kuti ngakhale munthu amene waona anthu khumi adziwe kuti ndinu ndani asanatsegule. Mutu wongoti "Zikomo" umasochera. Ngati munaitanidwa kudzera pa imelo, dinani `Reply` pa imelo yomweyo m'malo moyamba yatsopano, chifukwa dzina lanu, ntchito ndi tsiku zili kale m'munsimo.

Pambuyo pa moni pabwere chiganizo chimodzi chothokoza, chimodzi basi. Kenako chiganizo chokumbutsa pamene nkhani yanu ikuchokera, mwachidule ngati mbedza yokolekera chabe. Pakatikati ndiye pakhale katundu weniweni, ziganizo zitatu kapena zinayi. Kumapeto nenani kuti ntchitoyo mukuifunabe ndipo tchulani tsiku lomwe iwo ananena, kenako dzina lanu lonse ndi nambala ya foni. Zonse pamodzi zisapitirire mawu 150, chifukwa mabwana ambiri amawerengera pafoni, ndipo imelo yofuna kukhwekhweretsa chala katatu imasiyidwa kuti adzaione pambuyo pake, pambuyo pomwe sipafika.

Lembani m'chilankhulo chomwe intaviyu inachitikira. M'maofesi ambiri ku Malawi chimakhala Chingerezi, koma mafupa a imelo ndi omwewa:

Mutu: Intaviyu ya ukalaliki wa katundu, Lachiwiri: yankho pa za matumba 14

Bambo Uje,

Zikomo pondipatsa mpata wokumana nanu dzulo. Funso lanu la matumba 14 osowa ndinaliyankha mwachidule kwambiri, ndiye ndati ndilimalize.

Ndikadayamba ndi kuona zinthu zitatu: matumba ong'ambika potsitsa, katundu amene anatuluka pepala lake lisanalembedwe, ndi wobwezedwa ndi makasitomala. Kenako ndikadapempha kuti feteleza tizimuwerenga Lachisanu lililonse nyengo yodzala, ataunjikidwa milu ya matumba 100, kuti kusiyana kukapezeka tizifufuza masiku asanu ndi awiri okha, osati mwezi wathunthu. Ndaikapo tsamba limodzi losonyeza mmene ndingalembere zimenezi. N'kutheka kuti zina mumachita kale.

Ntchitoyi ndikuifunitsitsa, ndipo ndidikira kumva pofika Lachisanu la sabata yamawa monga munanenera.

Ine wanu,
dzina lonse ndi nambala ya foni

Taonani zomwe mulibe. Mulibe dipuloma, mulibe zaka zitatu, mulibe mawu oti wolimbikira kapena wokhulupirika. Mulibenso mawu oti kuba. Amenewo asiyidwa dala, chifukwa simukudziwa amene awerenge imeloyi, ndipo munthu amene sanalembedwe n'komwe ntchito akayamba kuloza chala anyamata onyamula katundu amaoneka wobweretsa milandu. Chiganizo choti "n'kutheka kuti zina mumachita kale" chili ndi ntchito yaikulu kuposa kutalika kwake: munakhala m'chipindamo mphindi makumi awiri zokha, ndiye simukudziwa zomwe anayesapo. Mukachichotsa, ganizo lomwelo limamveka ngati mukuti bamboyo sadziwa ntchito. Mawu oti "ndikadayamba" ndi "ndikadapempha" akugwira ntchito yomweyo. "Muyenera" sangalowe mu imelo yotere.

Nambala 14 ili pamutu chifukwa ndi nambala yake ya bamboyo. Akangoiona adziwa kuti munamvetsera. Milu ya matumba 100 ikusonyeza kuti munaimapo m'nyumba ya katundu: milu yofanana imawerengeka mwachangu, pamene mulu wongounjika umafuna kugwetsedwa kuti udziwike.

Za tsamba lomwe mwaikapo

Sikuti imelo iliyonse ifunika chomatapo, ndipo ngati zonse zakwana m'ziganizo zinayi, musavutike nacho. Mukaika, likhale tsamba limodzi. Pa chitsanzo chathu ndi tebulo la mizere isanu ndi umodzi: tsiku, olowa, otuluka, ong'ambika, obwezedwa, otsala. Lisungeni ngati PDF kuti lisasokonekere potsegula pafoni, ndipo lipatseni dzina lomveka lokhala ndi dzina lanu, monga `Uje-kuwerenga-katundu.pdf`, osati `Document1.pdf` kapena `IMG_2041.jpg`. Gmail imalola zomata zofika 25 MB, koma lanu lisafike ngakhale 1 MB, poti wolandirayo mwina ali pamalo pomwe netiweki ikuvuta. Ngati mwasankha kutumiza linki ya Google Drive, onetsetsani kuti mwaika `Anyone with the link`, apo ayi bwanayo akadina adzauzidwa kuti apemphe chilolezo kwa inu, ndipo sadzapempha.

Pali msampha waukulu apa. Musatumize pepala lenileni la komwe mukugwira kapena komwe munkagwira, lokhala ndi chizindikiro cha kampani, mayina a makasitomala kapena mitengo yawo. Inu mukuona ngati ndi umboni wa luso lanu, koma wolandirayo akuona munthu amene tsiku lina adzatulutsanso mapepala awo. Pangani latsopano ndi manambala ongoyerekeza, ndipo lembanipo kuti ndi ongoyerekeza.

Komanso musapereke munda wonse. Ngati ntchito yanu ndi yogulitsa nzeru, monga kulemba mapulani kapena kujambula, tsamba limodzi ndi lokwana kusonyeza mmene mumaganizira. Masamba khumi ndi ntchito yaulere.

Kwa ndani, ndipo liti

Tumizani kwa amene anafunsa funsolo. Ngati adiresi yomwe muli nayo ndi ya mayi wa ku ofesi yolemba anthu ntchito yokha, lemberani iwo ndi kupempha kuti afikitse yankholo kwa bambo woyang'anira katundu. Imeneyi ndi njira yoyera, ndipo m'mabungwe ambiri ndi yomwe amafuna. Ngati muli ndi maadiresi a onse atatu, lembani imodzi kwa wofunsayo n'kuika enawo pa `Cc`. Musatumize imelo imodzimodzi katatu mongosintha dzina, chifukwa anthuwa akhala pansi limodzi posankha, ndipo zimadziwika. `Bcc` isagwiritsidwe ntchito pano, popeza zikaululika zimaoneka ngati mumabisa kanthu.

Musasake nambala ya bwana kwa mlonda kapena kwa msuweni wanu amene amagwira komweko kuti mumulembere pa WhatsApp. Ngati iwo eni anakuitanani pa WhatsApp, yankhani pomwepo, mwaulemu womwewo wa mu imelo, koma osati ndi uthenga wamawu.

Nthawi yabwino ndi mkati mwa maola 24. Ofunsa ambiri amapereka malikisi tsiku lomwelo kapena lotsatira, ndiye imelo yofika patatha masiku anayi imapeza nkhani itatha. Komabe yotumiza mutangotsika masitepe imaoneka kuti inalembedwa kale intaviyu isanachitike, ndipo singakhale ndi ganizo lenileni. Lembani madzulo, igone, muiwerengenso m'mawa. Mu Gmail ya pakompyuta, kamuvi kali pambali pa batani la `Send` kamatsegula `Schedule send`, ndipo mutha kuika kuti ipite 8 koloko m'mawa ngakhale inu mutakhala opanda bandulo kapena magetsi atazima. Intaviyu ikakhala Lachisanu m'mawa, tumizani lomwelo masana. Ikakhala madzulo, ikani kuti ifike Lolemba m'mawa.

Musanadine, werengani mokweza kamodzi. Onani dzina, onani ngati tsamba lija lamatidwadi, ndipo adiresi ya wolandira muilembe pomaliza penipeni kuti imelo isathawe ili theka. Adiresi yanunso ikhale ya dzina lanu. Ya dzina lamasewera lomwe munadzipatsa muli ku sekondale isiyireni anzanu.

Pomwe simuyenera kutumiza

Werenganinso chilengezo cha ntchitoyo. Ngati chinanena kuti aliyense woyesa kunyengerera olemba ntchito adzachotsedwa pamndandanda, musalembere aliyense wa ofunsa payekha, makamaka pa ntchito za boma ndi za mabungwe aboma, kumene malikisi amalembedwa pafomu ndipo zomwe zafika pambuyo siziwerengedwa. Kumeneko, ngati mwafunadi kuthokoza, ziganizo ziwiri ku adiresi ya ofesi zakwana, popanda ganizo lililonse. Chimodzimodzi pa mipikisano yosankha wogulitsa katundu, ija amati tenda: pamene akuunika mitengo, kulembera mmodzi wa ounikawo kungathe kukuchotsetsani, ngakhale cholinga chanu chitakhala chabwino. Ndipo kulikonse, imelo isatchule mphatso, chakumwa kapena "tidzaonana bwino".

Nkhani ya malipiro isalowenso. Imeneyo ili ndi nthawi yake, akakupatsani ntchito.

Ukakhala msonkhano wa bizinesi

Mafupa ndi omwewo, koma chinthu chimodzi chija chimasintha. Pano chomwe mnzanuyo alibe nthawi zambiri ndi yankho lotsimikizika ndi tsiku. Tinene kuti mumaweta nkhuku zoikira ndipo munakumana ndi wogula zakudya pa hotela ina ya kunyanja. Anafunsa ngati mungakwanitse matileyi 25 a mazira kawiri pasabata, inu n'kuyankha kuti mukaona. Imelo yongoti zikomo, tinakambirana za mazira, siisuntha kanthu. Yothandiza imati: ndawerengera, matileyi 25 a mazira 30 ndi mazira 750 paulendo, ndipo ndikwanitsa Lachiwiri ndi Lachisanu isanakwane 10 koloko, osweka panjira ndidzabweza paulendo wotsatira, kotesheni ndaikapo, mtengo wake ukhala choncho kwa masiku 30, ndikupempha kuti ndibweretse matileyi asanu oyesera Lachiwiri likubwerali.

Apa kubwereza pang'ono kumaloledwa, koma kwa zomwe munagwirizana zokha: ndani achite chiyani, pofika liti. Nkhani yonse ya msonkhano isabwerezedwe. Ubwino wake umaonekera pamene awirinu munamva zosiyana. Ngati iye anamva kuti azilipira pakatha masiku 30 pomwe inu munamva pakatha sabata, ndi bwino zidziwike lero pa imelo kusiyana ndi kudzakangana mazira atadyedwa kale. Malizani mzerewo ndi mawu oti "ngati ndalemba mosiyana ndi mmene munamvera, mundikonze".

Chenjerani ndi zomwe mukulonjeza. Mawu apakamwa amauluka, koma imelo imasungidwa ndipo idzatulutsidwa tsiku la mkangano. Musalembe mtengo womwe bwana wanu sanavomereze, kapena kuchuluka komwe nkhuku zanu zimafika pa sabata yabwino yokha. Ngati simunamalize kuwerengera, lembani tsiku lomwe mudzatumize yankho, ndipo tsikulo likafika tumizani.

Akapanda kuyankha

Imelo yothokoza nthawi zambiri siyankhidwa, ndipo m'mabungwe ena ofunsa saloledwa kuyankha mpaka chisankho chitapangidwa. Chete ameneyo satanthauza kuti mwakanidwa. Dikirani tsiku lomwe anatchula lidutse, onjezani masiku awiri ogwira ntchito, kenako dinani `Reply` pa imelo yanu yomwe ija ndi kufunsa m'ziganizo ziwiri ngati pali chatsopano. Ngati sanatchule tsiku, dikirani masabata awiri. Funsani kamodzi. Pa bizinesi mutha kufulumirako, pakatha masiku atatu kapena anayi, ndipo poti munapempha kubweretsa matileyi oyesera Lachiwiri, muli ndi chifukwa chomveka choimbira foni Lolemba kufunsa ngati mubwere nawo.